Mayileji akafa, muvi wa liwiro ungathe kukuuzani mtunda umene mwayenda

M'misewu yathu muli malole ndi maminibasi ambiri amene manambala ake owerenga makilomita anaima kalekale, koma muvi wosonyeza liwiro ukugwirabe ntchito bwinobwino. Mwini galimoto yotere akafuna kudziwa kutalika kwa ulendo wochoka ku depoti kukafika kumene amatsitsa katundu, kuti awerengere mafuta, amasowa pogwira. Chimene angathe kuchita n'kutuma munthu kuti akhale pambali pa dalaivala ndi kope komanso wotchi, azilemba nthawi ndi liwiro limene muviwo ukuloza. Vuto lake n'lakuti munthu si makina. Pena alemba patangopita mphindi imodzi, pena aiwala mpaka mphindi zisanu ndi zitatu, pena galimoto igwera m'dzenje cholembera n'kugwa pansi. Pofika kumapeto kwa ulendo amakhala ndi manambala otalikirana mosiyanasiyana, ndipo funso limakhala lakuti: kodi m'manambala amenewa tingatulutsemo mtunda?

Tingatulutsemo ndithu, ndipo masamu ake safuna zambiri kuposa kuphatikiza, kuchulukitsa ndi kugawa. Akatswiri a masamu amati ntchito imeneyi ndi kuyerekeza intigiralo. Mawuwa akungotanthauza kusonkhanitsa pamodzi chinthu chimene chimawunjikana pang'onopang'ono kuchokera pa nthawi yakuti kufika pa nthawi yakuti, pomwe changu chake chowunjikanira chikusinthasintha. Mtunda umawunjikana, ndipo liwiro ndiye changu chake. M'mabuku a sukulu liwirolo amakupatsani ngati fomula yosalala. Pa ntchito yeniyeni fomula sipakhala, pamangokhala zimene munthu anayeza n'kulemba.

Tiyerekeze kuti wolemba uja wabwera ndi tebulo ili la ulendo wa mphindi 20:

| Mphindi | 0 | 2 | 5 | 6 | 10 | 18 | 20 |
|---|---|---|---|---|---|---|---|
| Liwiro, makilomita pa ola | 0 | 30 | 60 | 48 | 72 | 66 | 0 |

Lole inanyamuka pa mphindi 0, inakoka moto, inachepetsako pang'ono cha pa mphindi 6, inathamanga kwa kanthawi, kenako inaima pa mphindi 20.

Njira imene imabwera msanga m'mutu

Anthu ambiri akaona tebulo lotere amaphatikiza manambala onse a liwiro n'kugawa ndi kuchuluka kwake kuti apeze avareji. Apa manambalawo ndi asanu ndi awiri ndipo onse pamodzi akupanga 276. Tikagawa ndi 7 tipeza makilomita pafupifupi 39.4 pa ola. Mphindi 20 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ola, choncho mtunda ukutuluka makilomita 13.1. Masamuwo palibe pamene alakwika, koma yankholo ndi labodza.

Bodza lalowera pakuti avareji imeneyi yapatsa nambala iliyonse mphamvu zofanana, ngati kuti iliyonse ikuimira nthawi yofanana. Yang'ananinso tebulo lija. Kuyambira mphindi 10 mpaka 18 loleyo inali pa liwiro la pafupifupi 70, ndipo mphindi zisanu ndi zitatu zimenezo ndi pafupifupi theka la ulendo wonse, koma zikuimiridwa ndi manambala awiri okha. Pomwe maziro awiri, la ponyamuka ndi la poima, amene akuimira kamphindi kochepa chabe, alowa mu avareji ndi mphamvu zofanana ndi 72 ndi 66. N'chifukwa chake yankho lagwera pansi kwambiri. Avareji yotere imakhala pafupi ndi zoona pokhapokha ngati mipata ya nthawi ili yofanana. Mipata ikasiyana, nambala iliyonse iyenera kulemera molingana ndi nthawi imene ikuimira.

Kuduladula ulendo

Njira yabwino ndi yodula ulendo m'zigawo, chigawo chilichonse chichoke pamene tinalemba liwiro kufika pamene tinalembanso. Tebulo lathu lili ndi manambala asanu ndi awiri, ndiye zigawo zilipo zisanu ndi chimodzi. Pa chigawo chilichonse timadziwa zinthu zitatu: liwiro la poyambira, liwiro la pothera, ndi kutalika kwa nthawi. Zimene zinachitika pakati sitinazione, choncho timatenga ganizo losavuta kuposa onse, lakuti liwiro linasintha mwapang'onopang'ono komanso mofanana kuchoka pa nambala yoyambayo kufika pa yachiwiri. Zikakhala choncho, liwiro loimira chigawo chonsecho ndi lapakati pa manambala awiriwo.

Tengani chigawo chachiwiri, cha mphindi 2 mpaka 5. Liwiro linachoka pa 30 kufika pa 60, ndipo pakati pake ndi 45. Chigawocho chinatenga mphindi zitatu. Tichulukitse 45 ndi 3, tipeza 135. Apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa 135 ameneyo si makilomita. Liwiro taliyeza pa ola koma nthawi taiyeza m'mphindi, ndiye tiyenera kugawa ndi 60. Zikatero chigawocho chikutipatsa makilomita 2.25. Lole singayende makilomita 135 pa mphindi zitatu, choncho cholakwa chimenechi chimadziulula chokha kwa munthu amene waima kaye n'kuliganizira yankho lake.

Zigawo zina zonse zimayenda chimodzimodzi. Choyamba, cha mphindi ziwiri pa liwiro lapakati la 15, chikupereka theka la kilomita. Chachitatu, cha mphindi imodzi yokha pa 54, chikupereka 0.9. Chachinayi, cha mphindi zinayi pa 60, chikupereka makilomita 4. Chachisanu, chachitali chija, ndi mphindi zisanu ndi zitatu pa 69, ndipo chikupereka makilomita 9.2. Chomaliza, cha mphindi ziwiri pa 33, chikupereka 1.1. Tikaphatikiza zonse tipeza makilomita 17.95. Kusiyana kwake ndi yankho loyamba lija kukuyandikira makilomita asanu pa ulendo waufupi chonchi. Mwini lole amene angakhulupirire 13.1 akhoza kumanamizira dalaivala wake kuti akuba mafuta pomwe wolakwa ndi masamu.

Njirayi imatchedwa lamulo la tirapiziyamu, ndipo dzinali limamveka mukajambula galafu. Ikani nthawi pa mzere wogona, liwiro pa mzere woimirira, dontheza kadontho pa nambala iliyonse, kenako lumikizani timadonthoto ndi rula. Pansi pa mzere umene mwajambulawo pakhala tizidutswa ta mbali zinayi, tokhala ndi mbali ziwiri zoimirira zosiyana kutalika. Zili ngati munda umene kumtunda ndi wotakata koma kumunsi ndi wopapatiza: mumayeza mulifupi mwake kumtunda ndi kumunsi, mumatenga pakati pa miyeso iwiriyo, n'kuchulukitsa ndi mulitali. Kukula kwa malo onse a pansi pa mzere wa liwiro ndiwo mtunda. Polemba mwachidule, ngati t akuimira nthawi ndipo v akuimira liwiro:

```
mtunda ≈ (t1 − t0)(v0 + v1)/2 + (t2 − t1)(v1 + v2)/2 + ...
```

Chenjerani ndi fomula yachidule imene imapezeka m'mabuku ambiri, imene imachulukitsa zonse ndi mpata umodzi wolembedwa h. Fomula imeneyo inapangidwira mipata yofanana. Mukaikakamiza pa tebulo lathu, pogawa mphindi 20 m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofanana, mupeza makilomita 15.3, lomwenso ndi yankho lolakwika. Palinso lamulo la Simpson, lotchedwa dzina la Thomas Simpson wa ku Mangalande amene analilemba m'buku lake la mu 1743. Lamuloli limalumikiza timadontho titatutitatu ndi mzere wokhota m'malo mwa rula, ndipo limalondola kwambiri ngati liwiro likusintha mosalala. Koma mmene amaliphunzitsira ku sukulu limafuna mipata yofanana komanso zigawo zogawika ndi 2. Mtundu wake wa mipata yosiyana ulipo, koma pa manambala olembedwa ndi munthu m'lole yogwedezeka sindiona phindu lake. Mzere wokhotawo umangokongoletsa zinthu zimene sitinazione.

Nzeru yodula motereyi ndi yakale zedi. Mu 2016 katswiri wina wa mbiri ya sayansi, Mathieu Ossendrijver wa ku Yunivesite ya Humboldt ku Berlin, anasonyeza kuti mapale adothi a ku Babulo osungidwa ku British Museum, olembedwa pakati pa zaka za 350 ndi 50 Yesu asanabadwe, ankagwiritsa ntchito tirapiziyamu powerengera ulendo wa pulaneti ya Jupiter. Anthuwo ankadziwa mmene pulanetiyo imasunthira pa tsiku ikangoyamba kuoneka kumwamba, ankadziwanso kasunthidwe kake pakatha masiku 60, ndipo ankatenga pakati pa ziwirizo n'kuchulukitsa ndi masikuwo. Ndi zomwezi tachita ndi lole yathu.

Kodi 17.95 tingamukhulupirire mpaka pati?

Apa ndiye pagona nkhani. Nambala ngati 17.95 imaoneka yodalirika chifukwa cha madesimali ake, koma madesimaliwo angochokera m'kugawa, sakuchitira umboni kuti tayeza molondola. Munthu wodziwa ntchito amafunsa kuti yankholi lingaphonye ndi zingati, ndipo lingaphonyere mbali iti.

Poyamba tione malire. Pa chigawo chilichonse tingatenge nambala yaing'ono mwa ziwirizo n'kunena kuti lole inayenda pa liwiro limenelo chigawo chonse. Tikatero pa zigawo zonse tipeza makilomita 14.3. Tikatenga nambala yaikulu nthawi zonse tipeza makilomita 21.6. Ngati pa chigawo chilichonse liwiro linkangokwera kapena kungotsika, osabwerera m'mbuyo, mtunda weniweni uli pakati pa manambala awiriwa, ndipo 17.95 ali pakatikati penipeni. Mpata wa makilomita 7.3 ndi waukulu, komabe watithandiza kale: 13.1 uja ali kunja kwa malirewo, kusonyeza kuti sakugwirizana ndi tebulo lomwe anachokeramo.

Chachiwiri ndi mbali imene tikuphonyera. Galimoto ikamanyamuka, liwiro limakwera msanga poyamba kenako limayamba kukwera mwaulesi. Pa galafu mzere wake umafufuma m'mwamba, ndipo rula yolumikiza nsonga zake ziwiri imadutsa pansi pa kufufumako. Choncho pamalo otere lamulo la tirapiziyamu limachepetsa mtunda. Pomwe mzere walowa pansi ngati chigwa, monga dalaivala akaponda mabuleki pa hampu n'kukokanso moto, rula imadutsa pamwamba ndipo lamuloli limawonjezera mtunda.

Zimenezi mungaziyese nokha pa tebulo lomweli, ndipo ndi mayeso abwino kuposa onse amene ndimawadziwa. Bisani nambala imodzi ndi chala, muwerengere ngati kuti sinalembedwe, muone mmene yankho lisinthire. Tikabisa 30 wa pa mphindi 2, chigawo choyamba chikhala cha mphindi zisanu kuchoka pa 0 kufika pa 60, ndipo chipereka makilomita 2.5 m'malo mwa 2.75. Tataya kota ya kilomita, monga mmene kufufuma kuja kunatichenjezera. Tikabisa 48 wa pa mphindi 6, chigawo cha mphindi 5 mpaka 10 chipereka makilomita 5.5 m'malo mwa 4.9. Apa tawonjezera 0.6, chifukwa chigwa chija chakwiririka. Kusintha kotereku kukakhala kochepa paliponse, ndiye kuti manambala anu ndi othithikana mokwanira. Kukakhala kwakukulu, tebulolo ndi lopyapyala ndipo pakufunika kuyezanso. Pa liwiro losintha mosalala, mukadula mpata uliwonse pakati, kuphonya kwa lamuloli kumachepa pafupifupi kanayi, osati kawiri kokha. N'chifukwa chake kulemba manambala owonjezera pang'ono kumabweza zambiri.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mayeso onsewa sangachigwire, ndipo chili pa chigawo chimene chikuoneka chabata kuposa zonse. Pakati pa mphindi 10 ndi 18 liwiro likuchoka pa 72 kufika pa 66. Malire ake ndi oyandikana, akusiyana ndi 0.8 ya kilomita basi, ndiye munthu angaganize kuti apa palibe chodetsa nkhawa. Nanga bwanji ngati mkati mwa mphindi zisanu ndi zitatu zimenezo munali rodibuloko, lole inaima mphindi zitatu apolisi akuyang'ana mapepala, wolemba wathu ali kalikiliki kufufuza chikwama chake? Tebulo likanaoneka chimodzimodzi, 72 uku, 66 uko. Koma mphindi zitatu pa liwiro la 69 ndi makilomita pafupifupi atatu ndi theka, amene tawawerengera pomwe matayala sanazungulire, ndipo apa sitinaphatikize kuchepetsa liwiro poima ndi kukoka moto ponyamuka. Mtunda weniweni ukanagwera cha m'ma 14, ndipo malire aja a 14.3 sakanatitetezanso, chifukwa anamangidwa pa ganizo lakuti liwiro silibwerera m'mbuyo mkati mwa chigawo.

Palibe fomula imene ingabweze zimene sizinalembedwe. Chigawo chimodzichi chanyamula makilomita 9.2 mwa 17.95, kuposa theka la yankho lonse, ndipo chatsamira pa manambala awiri okha. Choncho mukalandira tebulo la mipata yosiyana, musanachulukitse kalikonse, pezani mpata waukulu kuposa yonse ndipo mufunse amene analipo kuti panachitika zotani pamenepo. Dalaivala akanena kuti unali msewu wowongoka ndipo phazi silinachoke pa moto, landirani 9.2. Akakumbukira kuti anaima, lembani mizere ina m'tebulo, ya nthawi imene anaima ndi imene ananyamuka, ngakhale ikhale yongoyerekeza. Kuyerekeza kochokera kwa mboni kumaposa rula yodutsa pamalo pamene panalibe woona.

Manambala enieniwo akakhala olakwika

Mpaka pano takhala tikukhulupirira kuti zimene zinalembedwa n'zoona. Muvi umanjenjemera, ndipo munthu wokhala pambali amauona chammbali, kotero akhoza kuwerenga 62 pomwe pali 72. Kuopsa kwa cholakwa chotere kumadalira pamene chagwera. M'lamulo la tirapiziyamu nambala iliyonse imaimira theka la mpata wa kumbuyo kwake ndi theka la mpata wa kutsogolo kwake. Nambala ya pa mphindi 5 ikuimira mphindi imodzi ndi theka za kumbuyo ndi theka la mphindi la kutsogolo, zonse pamodzi mphindi ziwiri. Ya pa mphindi 10 ikuimira mphindi ziwiri za kumbuyo ndi zinayi za kutsogolo, pamodzi zisanu ndi imodzi. Kuphonya ndi 10 pa nambala yoyambayo kumasuntha yankho ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kilomita. Kuphonya komweko pa nambala yachiwiriyo kumalisuntha ndi kilomita yathunthu. Nambala yokhala yokha pakati pa mipata ikuluikulu ndi imene iyenera kuwerengedwa mosamala kwambiri.

Zolakwa za diso zili ndi kaubwino kamodzi: pena munthu amawonjezera, pena amachepetsa, ndiye manambala akachuluka zimafafanizana. Cholakwa cha chipangizo sichitero. Masipidomita ambiri amapangidwa dala kuti aziloza pamwamba pang'ono pa liwiro lenileni, ndipo malamulo a ku Ulaya saloleza kuti sipidomita isonyeze liwiro lochepera pa lenileni. Kuvala matayala osiyana kukula ndi amene galimoto inabwera nawo kumasokonezanso muviwo. Ngati muvi ukuwonjezera 5 pa 100 iliyonse, manambala onse ndi okwera chimodzimodzi, ndipo 17.95 weniweni wake ndi pafupifupi 17.1, ngakhale mutalemba liwiro sekondi iliyonse. Mankhwala ake ndi kuyesa njira yonseyi kamodzi pa msewu umene kutalika kwake mukukudziwa kale, n'kuona kuti yankho lanu likupitirira ndi zingati.

Amene ali ndi kompyuta angathe kusiya kuchulukitsaku m'manja mwa pulogalamu ngati Excel. Ikani mphindi mu A2 mpaka A8, liwiro mu B2 mpaka B8, lembani fomula yoyambayi mu C3 n'kuikokera pansi mpaka C8, ndipo yachiwiriyo muilembe mu C9:

```
=(A3-A2)*(B2+B3)/2/60
=SUM(C3:C8)
```

Yang'anani manambala a zigawowo limodzilimodzi musanathamangire pa chiwonkhetso. Likatuluka lokhala ndi mainasi, ndiye kuti nthawi sizinalembedwe motsatana. Kompyuta iwerengera msanga, koma za rodibuloko ija siingakuuzeni.

Masamu omwewa ndi amene amagwira ntchito paliponse pamene munthu wayeza changu koma akufuna chiwonkhetso. Woyang'anira pampu yothirira mbewu akamayeza malita otuluka pa mphindi nthawi zosiyanasiyana, amapeza madzi onse a tsikulo mwa njira yomweyi. Ofufuza za mankhwala amatenga magazi a wodwala pafupipafupi m'maola oyamba atamwa mankhwala, pamene mlingo wake m'magazi ukusintha msanga, kenako patalipatali mlingowo ukayamba kutsika modekha, ndipo amawerengera malo a pansi pa mzerewo ndi matirapiziyamu. Iwowa amasiyanitsa mipata mwadala, ndipo m'pomveka. Mipata yosiyana payokha si vuto. Vuto ndi mpata waukulu wogwera pamene zinthu zikusintha.

Nanga mwini lole uja tikamuuze chiyani? Tisakamuuze kuti makilomita 17.95. Timuuze kuti ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 18, malinga ngati lole sinaime pakati pa mphindi 10 ndi 18, ndipo kuti muvi wake ukufunika kuyesedwa. Mukadzatuma munthu ndi kope ulendo wina, mudzamulangize kuti azilemba pafupipafupi ponyamuka, pa mahampu, pa zitunda ndi poyandikira poima, kuti pa msewu wowongoka asalole mphindi ziwiri kapena zitatu kudutsa osalemba, ndipo kuti nthawi iliyonse imene galimoto yaima alembe mizere iwiri, wa pamene yaima ndi wa pamene yanyamuka.